Ngongole ya masiku 38: mtengo wa tsiku limodzi ndi ndalama yoti mubweze

Funso: "Ndimagulitsa kaunjika ku Tsoka kuno ku Lilongwe. Pa 18 Malichi ndinatenga ngongole ya K600,000 ku bungwe lina lobwereketsa ndalama. Papepala analemba kuti chiwongoladzanja ndi 6 peresenti pa mwezi, chowerengedwa tsiku ndi tsiku. Anandidula K18,000 ya fomu, ndiye m'manja ndinalandira K582,000. Pa 7 Epulo ndinakapereka K200,000, ndipo pa 25 Epulo ndikufuna ndikatseke ngongole yonse. Amuna anga akuti chiwongoladzanja chake ndi K72,000 poti ndalowa mwezi wachiwiri. Ndinyamule zingati?"

Mayi, nyamulani K439,264, ndipo muonjezerepo ka K1,000 kapena K2,000 kapambali. Zimenezi zili choncho ngati mawu amene mwatchulawo ndi okhawo amene ali papepala lanu okhudza chiwongoladzanja. Koma musangotenga nambala yanga n'kuthamanga nayo. Ndikufuna mukafike pakauntala mukudziwa kumene yachokera, chifukwa ndakhala kuseri kwa kauntala yotereyi zaka zambiri, ndipo ndaona kuti munthu amene wabwera ndi masamu ake papepala amamvetseredwa mosiyana ndi amene wangofunsa kuti "ndatsala ndi zingati?"

Chinthu choyamba kupeza ndi mtengo wa tsiku limodzi. Ngongole yowerengedwa tsiku ndi tsiku ili ngati kubwereka wilibala kwa mnansi amene amalipiritsa pa tsiku: mukadziwa kuti tsiku limodzi ndi zingati, chotsala n'kungowerenga masiku amene yagona kwanu. Peresenti 6 ikutanthauza K6 pa K100 iliyonse. Pa K600,000 ndiye kuti mwezi wathunthu ndi K36,000. Mukagawa K36,000 ndi masiku 30, mupeza K1,200. Ndiwo mtengo wa tsiku limodzi. Kulikonse kukacha, kaya mwatsegula belo kaya mvula yakuletsani kupita kumsika, kaya ndi Lamlungu kaya muli kumaliro, K1,200 yalowa m'buku lawo. Pa kalikuleta ya pafoni mumabaya motere:

```
600000 × 6 ÷ 100 ÷ 30 = 1200
```

Mukafuna kuti musamavutike kubwereza zonsezi, sungani m'mutu kuti 6 peresenti pa mwezi ndi K2 pa K1,000 iliyonse pa tsiku. Muli ndi ma K1,000 okwana 600, ndiye 600 kuchulukitsa ndi K2 ndi K1,200 yomwe ija. Kanjira aka katithandiza kutsogoloku ngongole ikachepa.

Tsopano masiku. Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, ngakhale ophunzira bwino. Kawerengedwe kofala n'kakuti tsiku limene mwalandira ndalama ndi tsiku limene mwabweza sawerengedwa onse awiri, amawerenga limodzi lokha. Njira yosavuta ndi kuwerenga usiku umene ndalama yagona kwa inu. Mukatenga Lolemba n'kubweza Lachiwiri, yagona usiku umodzi, ndiye ndi tsiku limodzi, osati awiri. Inu munatenga pa 18 Malichi. Malichi ali ndi masiku 31, ndiye kuchoka pa 18 kufika pa 31 ndi masiku 13. Kuphatikiza masiku 25 a Epulo, tikupeza 38. Munthu wowerenga ndi zala kuyambira pa 18 penipenipo amapeza 39, ndipo tsiku limodzi lowonjezeralo ndi ndalama ya ndiwo. Alipo mabungwe amene amawerengadi masiku onse awiri, koma zikatero ziyenera kulembedwa m'pangano. Zikapanda kulembedwa, funsani chifukwa chake.

Mukadakhala kuti simunapereke kalikonse pakati, nkhani ikadathera pomwepa: masiku 38 kuchulukitsa ndi K1,200 ndi K45,600, kuphatikiza K600,000, zonse K645,600.

Bambo akunyumba sakulankhula zopanda mutu. Masamu awo ndi a banki mkhonde ndi a katapila, kumene mwezi ukangoyamba umawerengedwa wathunthu. Kumeneko mukadutsitsa ndi sabata imodzi yokha mumalipira miyezi iwiri, ndiye K36,000 kawiri ndi K72,000 imene akunenayo. Chimene chikukupulumutsani inu ndi mawu aja akuti "chowerengedwa tsiku ndi tsiku". Mawu amenewo akusiyanitsa K72,000 ndi K45,600, kutanthauza K26,400. Komabe ndikupempheni kuti mulitenge pepalalo muliwerenge mpaka kumunsi, ndi kuseri komwe, kumene amalemba timalemba ting'onoting'ono. Mufufuze ngati palibe pamene akuti pali chiwongoladzanja chochepetsetsa chimene muyenera kulipira ngakhale mutabweza msanga, kapena kuti wotseka ngongole nthawi isanakwane amalipira kenakake. Ngati mawu oterowo alipo, nambala yanga isintha, ndipo bambowo akhoza kukhala kuti ali pafupi ndi choonadi kuposa ine.

Koma inu munapereka K200,000 pa 7 Epulo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pamabisala ndalama zambiri zimene anthu amataya osadziwa.

Tsiku limene mwapereka ndalama limadula ngongole pawiri. Chigawo choyamba ndi kuchokera pa 18 Malichi kufika pa 7 Epulo: masiku 13 a Malichi ndi 7 a Epulo, onse 20. M'masiku amenewo munali ndi K600,000 yonse, ndiye chiwongoladzanja chinali chitafika pa K24,000. Mutafika ndi K200,000 yanu, siinapite yonse kukachepetsa ngongole yeniyeni. Obwereketsa ambiri amayamba atenga chiwongoladzanja chimene chaunjikana, chotsalacho n'chimene chimakadula ngongole. Choncho K24,000 inapita ku chiwongoladzanja, K176,000 n'kudula pa K600,000. Madzulo a pa 7 Epulo munatsala ndi ngongole ya K424,000, osati K400,000 monga mmene mtima umafunira kuwerengera.

Kuyambira tsiku limenelo, mtengo wa tsiku limodzi unatsika. Gwiritsani ntchito kanjira kaja: ma K1,000 okwana 424 kuchulukitsa ndi K2, ndi K848. Chigawo chachiwiri ndi kuchokera pa 7 kufika pa 25 Epulo, masiku 18. Onani kuti 20 ndi 18 zikupanga 38 yomwe ija, ndipo nthawi zonse muzitsimikiza motero, kuti pa 7 Epulo pasawerengedwe kawiri. Masiku 18 pa K848 ndi K15,264. Kuphatikiza ndi K424,000, ndi K439,264 imene ndinayamba nayo.

Mukaphatikiza zonse zimene zituluke m'thumba mwanu, ndi K639,264, ndiye chiwongoladzanja chonse ndi K39,264. Kupereka K200,000 ija msanga kwakupulumutsirani K6,336. Munachita bwino kusaisunga m'chitini kudikira pa 25.

Nanga akakakuuzani nambala ina? Musafulumire kukalipa, komanso musafulumire kuvomera. Nambala iliyonse imene angakupatseni ili ndi kumene yachokera, ndipo mukhoza kuizindikira ngati mmene mumazindikirira belo poona nsalu yapamwamba.

Akakuuzani K445,600, dziwani kuti awerengera K1,200 pa masiku onse 38 ngati kuti simunapereke kanthu, kenako n'kungochotsa K200,000 kumapeto. Uku ndi kuwerengera chiwongoladzanja pa ndalama imene munatenga poyamba osati pa imene yatsala. Alipo obwereketsa amene amachita zimenezi poyera ndipo amazilemba m'pangano. Ine sindizikonda, chifukwa munthu amalipira lendi ya ndalama imene anabweza kale. Ngati pepala lanu likunena kuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yotsala, nambala imeneyi ndi yolakwika, ndipo muli ndi ufulu woikana. Ngati pepala lili chete pa nkhaniyi, funsani kuti, "Kodi K200,000 yanga ija inagwira ntchito yanji kuyambira pa 7?" Funso limeneli ndi lovuta kulizemba.

Akakuuzani K438,400, ndiye kuti K200,000 yonse anaidula pa ngongole yeniyeni, n'kusiya K24,000 ija pambali kuti idikire tsiku lotseka. Pamenepo tsiku limodzi lakhala K800, masiku 18 ndi K14,400, kuphatikiza K24,000 ndi K400,000. Njira imeneyi ikukomerani ndi K864. Landirani ndi manja awiri.

Akakuuzani nambala yoyandikira K438,714, palibe cholakwika. Kompyuta yawo yatenga 6 peresenti n'kuichulukitsa ndi miyezi 12 kukhala 72 peresenti pa chaka, kenako n'kugawa ndi masiku 365. Ife tinagawa mwezi ndi 30, zomwe zikufanana ndi kunena kuti chaka chili ndi masiku 360. Njira zonse ziwirizi zimagwiritsidwa ntchito m'mabuku a ngongole. Pa 365, tsiku limodzi la K600,000 ndi K1,183.56 m'malo mwa K1,200, chifukwa chiwongoladzanja cha chaka chagawidwa m'timagawo tambiri. Kwa inu kusiyana kwake ndi K550 yokha, koma kwa wamalonda amene wabwereka mamiliyoni kuti akagule soya ku Mitundu, masiku asanu osowawo amamveka m'thumba. M'chaka chimene Febuluwale amakhala ndi masiku 29, monga 2024 ndi 2028, ena amagawa ndi 366. Mukamawerenga nokha pa 365, musadule matambala aja pakati pa njira. Asiyeni mu kalikuleta mpaka kumapeto, apo ayi mudzasiyana ndi ofesi ndi timakwacha tingapo n'kuyamba kukayikirana pachabe.

Palinso nambala ina imene ingatuluke, yokwera pang'ono kuposa yanga koma yosafika pa K445,600. Imabwera pamene chiwongoladzanja cha dzulo chikuphatikizidwa ku ngongole n'kuyamba kubereka nachonso. Tsiku loyamba ndi K1,200, lachiwiri amawerengera pa K601,200 n'kukhala K1,202.40, lachitatu n'kukweranso pang'ono. Pa masiku 38 osapereka kanthu, njira imeneyi imafika pafupifupi K47,328 m'malo mwa K45,600. Kuizindikira n'kosavuta: pemphani sitetimenti, muyang'ane masiku awiri otsatizana amene simunapereke ndalama. Ngati chiwongoladzanja cha masiku awiriwo n'chofanana, muli pa kawerengedwe kamene ndafotokoza. Ngati chikukwera tsiku ndi tsiku, chikuberekerana. Pa mwezi umodzi sichipweteka kwambiri, koma ngongole yotere ikaiwalika miyezi isanu ndi umodzi imasanduka chinthu china.

Tikambe za K18,000 ya fomu ija. Siilowa m'masamu a ndalama yoti mubweze pa 25, chifukwa munalipira kale tsiku loyamba. Koma imandiwawa ndikaona anthu akuiiwala poyeza ngati ngongole yawapindulira. Inu munalandira K582,000 m'manja, koma chiwongoladzanja chakhala chikuwerengedwa pa K600,000. Ndiye kuti mwakhala mukulipira K36 tsiku lililonse pa ndalama imene simunaigwireko n'komwe. Imeneyo ndi yaing'ono. Chachikulu n'chakuti ndalama ya fomu sichepa mukabweza msanga. Mukaigawa pa masiku 38, ndi pafupifupi K474 pa tsiku, pamwamba pa chiwongoladzanja. Mukadabweza patangotha masiku 10, ikadakhala K1,800 pa tsiku, kuposa chiwongoladzanja chenichenicho. N'chifukwa chake ngongole ya masiku ochepa yokhala ndi ndalama ya fomu imadula kwambiri kuposa mmene chikwangwani chikunenera. Tiyeseze pa munthu amene sanapereke kalikonse pakati: walipira K45,600 ndi K18,000, zonse K63,600, pa K582,000 imene analandira. Mukazibwezera ku mwezi wa masiku 30, zikuposa 8.6 peresenti, pamene chikwangwani chikuti 6.

Kwa inu, mtengo wonse wa ngongoleyi ndi K39,264 kuphatikiza K18,000, yomwe ndi K57,264. Nambala imeneyi ndi imene muiyike pambali pa phindu la mabelo amene munagula ndi ndalamayi. Mukachotsa thiransipoti, chiphaso cha pamsika ndi zovala zimene zakanika kuyenda, ngati chotsala chikuposa K57,264 ndi kanthu kooneka, ngongoleyi yakugwirirani ntchito. Ngati chikungofikapo pang'ono, mwezi wonsewu mwagwirira ntchito eni ndalama. Ndipo ulendo wina musanasaine, dzifunseni kuti katundu amene mukufuna kugulayo atenga masiku angati kuti asanduke ndalama. Majuzi ogulidwa mu Malichi amadikira kuzizira kwa Meyi ndi Juni, pamene K1,200 ija sidikira nyengo. Zovala za ana zimene zimayenda sabata iliyonse zimagwirizana ndi ngongole ya tsiku ndi tsiku. Katundu wodikira nyengo sagwirizana nayo.

Mwina mukuganiza kuti bola kwa katapila kulibe mafomu. Yezani ndi muyeso womwewu. Munthu akakupatsani K100,000 pa 20 n'kunena kuti pakutha pa mwezi, pa 30, mubweze K150,000, mwalipira K50,000 pa masiku 10. Ndi K5,000 pa tsiku, kapena K50 pa K1,000 iliyonse, pamene ngongole yanuyi ndi K2 pa K1,000. Peresenti imene sinatchulidwe nthawi yake siikuuzani kanthu. Mukamva "teni peresenti yokha", funsani kuti pa chaka, pa mwezi, pa sabata kapena pa tsiku, kenako muibweretse pa mtengo wa tsiku limodzi pa K1,000. Pamenepo ngongole zonse zimaima pamzere umodzi ndipo mumaziona msinkhu wake.

Chomaliza ndi tsiku lolipiralo. Chiwongoladzanja chimasiya kuyenda pa tsiku limene ndalama yalembedwa m'buku lawo, osati limene yatuluka m'manja mwanu. Ndimakumbukira bambo wina wa ku Area 25 amene anabwera kuofesi kwathu atakwiya kwambiri. Anatumiza ndalama yotsekera ngongole kudzera pafoni Lachisanu usiku, atawerenga bwinobwino mpaka tambala yomaliza. Koma anaiwala kulemba nambala ya ngongole yake potumizapo, ndiye ndalamayo inakhala pamalo odikirira mpaka Lolemba pamene tinaizindikira mwini wake. Kompyuta inawerenga masiku atatu owonjezera, ndalama yake inaperewera, ndipo kangongole kotsalako kanapitiriza kubereka mwakachetechete kwa milungu ingapo iye akuganiza kuti anamaliza. Tinamukonzera chifukwa anali atasunga uthenga wa pafoni wosonyeza tsiku ndi ola limene anatumiza. Akadaufufuta, sindikudziwa kuti tikadayambira pati. Cholakwa chinali chathunso, chifukwa tinayenera kumuyimbira Lolemba lomwelo.

Choncho yang'anani pa kalendala kuti pa 25 Epulo pakugwa tsiku lanji. Ngati ndi Loweruka, Lamlungu kapena tsiku latchuthi, pitani tsiku logwira ntchito pa 25 pasanafike, ndipo tsiku lililonse limene mwafulumira muchotsepo K848. Mukapita pa 24, ndi K438,416. Mukachedwa, tsiku lililonse muonjezere K848 yomweyo, ndiye mukafika pa 2 Meyi muli pa K445,200, ndipo ngati tsiku limene munapangana kubweza ladutsa, pakhoza kubweranso chindapusa chimene chili ndi masamu akeake papepala lanu. Ichi n'chifukwa chake ndinati munyamule kapambali.

Mukafika, musayambe ndi kutulutsa ndalama. Pemphani kaye kuti akulembereni ndalama yotsekera ngongole pa tsiku limenelo, itagawidwa pawiri: ngongole yeniyeni yotsala ndi chiwongoladzanja. Pa mzere woyamba muyembekezere K424,000, pa wachiwiri K15,264. Mzere woyamba ukasiyana ndi wanu, vuto lili pa mmene anagawira K200,000 ija, ndiye tulutsani lisiti ya pa 7 Epulo. Woyamba ukagwirizana koma wachiwiri n'kusiyana, gawani kusiyanako ndi K848: mukapeza 1 kapena 2 ndendende, mwasiyana pa kawerengedwe ka masiku basi, ndipo muwerenge nawo limodzi pa kalendala ya pakhoma. Mukalipira, lisiti ikhale ndi deti la tsikulo ndi mawu osonyeza kuti palibe chotsala, ndipo ngati munasiya chikole, kaya ndi makina osokera kaya mapepala a malo, mutuluke nacho tsiku lomwelo kapena akulembereni tsiku loti mudzatenge.